Njere imodzi ya nandolo imene kubetcha kumabisa

Kalabu yathu ya achinyamata kuno ku Chitakale inandisankha kuti ndikalankhule za kubetcha pa msonkhano wa Loweruka. Zimene ndinalemba poyamba zinali zodzudzula zokhazokha: njuga imasaukitsa, njuga imathetsa mabanja. Nditawerengera mchemwali wanga, anangondifunsa kuti, "Achimwene, nanga wina akati mnzake wa kabaza anawina K60,000 ndi K100 yokha, mukayankha chiyani?" Ndinalibe yankho. Ndinang'amba pepalalo n'kuyamba kuphunzira masamu a ma odzi, manambala aja osonyeza ndalama zimene ungalandire ukawina.

Chimene ndinapeza n'chakuti odzi iliyonse ndi mtengo, ndipo phindu la kampani lili kale m'kati mwa mtengowo. Tiyerekeze kuti Bullets ikusewera ndi Wanderers, ndipo funso n'lakuti zigoli zifika zitatu kapena ayi. Mbali zonse ziwiri azipatsa 1.90. Mmodzi aika K1,000 kuti zifika, wina K1,000 kuti sizifika. Kampani yalandira K2,000. Mpira ukatha, wowinayo apatsidwa K1,900, ndipo K100 yatsala m'thumba mwa kampani, kaya zigoli zinagwa zisanu kaya panalibe n'chimodzi chomwe. Mtengo wachilungamo ukanakhala 2.00.

Pali njira yoonera zimenezi pa foni. Gawani 100 ndi odzi iliyonse, kenako phatikizani. Pa 1.90 mupeza maperesenti 52.6, ndipo mbali ziwirizo pamodzi zikwana pafupifupi 105. Mwayi wonse wa zotsatira za mpira umodzi sungapitirire 100. Zapamwambazo ndiye gawo la kampani, ndipo palibe chikwangwani chimene chimalemba nambala imeneyi.

Ndinadziwa kuti ndikangotchula maperesenti anthu ayamba kuyang'ana panja. Choncho ndinanyamula nandolo wouma m'kapu. Ndinaitana anyamata awiri kutsogolo, aliyense n'kumupatsa njere 50, ndipo mtsikana mmodzi anakhala kampani. Ulendo uliwonse aliyense amaika njere 10, timaponya ndalama yachitsulo m'mwamba, wolosera bwino n'kutenga 19. Njere imodzi imapita kwa mtsikanayo. Poyamba anthu ankangochemerera amene wawina, palibe ankayang'ana dzanja la mtsikana uja. Titaponya ka 12 ndinamuuza kuti atambasule dzanja. Munali njere 12, chonsecho sanalosere kanthu ngakhale kamodzi. M'chipindamo munati zii. Njere zinali zikungosinthana manja pakati pa anyamata awiriwo, koma mulu wawo wonse unali utachoka pa 100 kufika pa 88.

Apa m'pamene ndinabwerera ku funso la mchemwali wanga. Tikiti ya K100 yowina K60,000 ndi ya magemu ambiri omangidwa pamodzi, ndipo ndi imene otsatsa amaikonda kwambiri. Mukamanga magemu 10 a 1.90, odzi yonse imafika pafupifupi 613, ndiye kuti K100 ingabale K61,300. Zimamveka zokoma. Koma ngati gemu iliyonse ili theka ndi theka, mwayi woti onse 10 alowe ndi umodzi pa 1,024, ndipo malipiro oyenera akanakhala K102,400. Kagawo kakang'ono kaja kamadulidwa pa gemu iliyonse, mpaka kufika pafupifupi K40 pa K100 iliyonse. Ndinawauza anzanga kuti, "Mnyamata wa kabaza uja sananame, anawinadi. Koma achinyamata 1,024 akaika K100 aliyense, mwachizolowezi mmodzi yekha ndiye amajambulidwa akumwetulira. Ena 1,023 sawaika pa chikwangwani."

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti malonda amenewa amalunjika pomwe tili ofooka. Kuno ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya mvula, ikatha ambiri timangokhala. Munthu wotero akamva pa wailesi kuti moyo ungasinthe lero lomwe ndi K100, sakugula mpira, akugula chiyembekezo cha fizi kapena malata. Amatikopanso ndi chidziwitso chathu: popeza timadziwa osewera onse a timu, timaona ngati tingaposere kampani nzeru, pomwe kulimba kwa timuyo anakuwerengera kale mu odzi. Ndipo tikiti ikafa ndi gemu imodzi timati "ndinangotsala pang'ono", n'kuikanso mawa. Ndinawerengera: pa magemu 10 oterowo, kulondola 9 n'kuphonya imodzi kumachitika kuwirikiza ka 10 kuposa kulondola onse, ndipo onse 10 akafunika kulowa, tikiti yotere silipira kanthu.

Mnyamata wina anandifunsa za bonasi yaulere. Ndinamupempha kuti atsegule malamulo ake pa foni n'kuwerenga mokweza. Anapeza kuti ndalamayo sangaitape asanaibetche kangapo. Ulendo uliwonse wobetcha, njere ija imachokanso. Tinagwirizana kuti Loweruka likudzali aliyense abwere ndi ma odzi a gemu imodzi, tidzaphatikize tokha pa bolodi.