Mpumiro sumveka wokha: zimene ndaphunzira pophunzitsa mawu a kompyuta kupuma powerenga Chichewa

Mawu a kompyuta akamatopetsa kumvera, anthu ambiri amathamangira kusintha mawuwo n'kufunafuna ena okoma. Nthawi zambiri vuto silikhala pa kukoma kwa mawu ayi, limakhala pa kapumidwe. Munthu wowerenga nkhani pa wailesi amadziwa poima ndi popitirira chifukwa akumvetsa zimene akuwerenga. Makina samvetsa kanthu, ndiye ntchito yosankha popuma imagwera inu amene mwakonza nkhaniyo.

Posankha mawu, musadalire chitsanzo chimene eni pulogalamu aikapo kale. Lembani chiganizo chanuchanu chokhala ndi malo opunthwitsa, monga "Mphaka wathawira kuphiri, ng'ombe zatsala m'khola." Mawu opangidwira Chingerezi amatchula "ph" ngati "f", moti phiri limasanduka firi. Ena amayesa mawu a Chiswahili poona kuti malembo a liwu ndi asanu omwewo ndipo "ng'" amatuluka bwino. Koma "th" wa Chiswahili amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, choncho "wathawira" amamveka mwachilendo. Chiswahilinso sichisiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa mawu monga timachitira ife pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika.

Mawu amene anaphunzitsidwa Chichewa chenicheni alipo mu MMS, ntchito imene kampani ya Meta inatulutsa mu 2023 ya zilankhulo zoposa 1,100. Anawaphunzitsa ndi zojambula za anthu owerenga Chipangano Chatsopano, n'chifukwa chake mawu a m'tchalitchi amawatchula mosavuta kusiyana ndi mayina a mankhwala kapena zida zamakono. Chilolezo chake ndi CC BY-NC 4.0, kutanthauza kuti simungawagwiritse ntchito pa malonda. Zimenezi muzidziwe musanataye sabata yonse mukukonza. Mawuwa mumawatsegula motere mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta:

```python
from transformers import VitsModel, AutoTokenizer, set_seed
dzina = "facebook/mms-tts-nya"
model = VitsModel.from_pretrained(dzina)
tok = AutoTokenizer.from_pretrained(dzina)
print(tok.get_vocab())
```

Mzere womalizawo ndi wofunika kuposa ina yonse. Umakuonetsani malembo onse amene mawuwa amawadziwa, ndipo chizindikiro chilichonse chimene sichili pamndandandawo chimangotayidwa popanda kukuchenjezani. Mawu a MMS anaphunzira pa zolemba zochotsedwa zizindikiro za m'kalembedwe, ndiye mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro kwa iwo n'chimodzimodzi ndi pepala loyera. Mukawapatsa ndime yonse nthawi imodzi amangoyenda ngati mtsinje wosefukira, n'kumaima pamene afunira okha. Yang'ananinso ngati "ŵ" alipo. Ngati palibe, m'sintheni akhale "w" musanatumize, apo ayi Malaŵi atuluka wopanda lembolo.

Mankhwala a vuto la kapumidweli ndi kudula nkhani m'zidutswa, kuwerengetsa chidutswa chilichonse pachokha, kenako n'kuzilumikiza mutaika bata pakati. Mawuwa amatuluka ndi timagawo 16,000 pa sekondi imodzi, choncho bata la masekondi 0.6 ndi maziro 9,600 ondondozana.

```python
import numpy as np
bata = lambda s: np.zeros(int(s * 16000), dtype="float32")
```

Poyambira pabwino ndi masekondi 0.6 pakati pa ziganizo, 1.2 pakati pa ndime, ndi 1.5 pambuyo pa mutu wa nkhani. M'kati mwa chiganizo chimodzi, 0.25 kapena 0.3 akwana. Chofunika si manambala enieniwa koma kusiyana kwake, chifukwa womvera alibe pepala m'manja, amazindikira kuti ndime yatha pomva kuti bata latalika kuposa lija wazolowera. Musanawonjezere bata lanu, metani kaye kachete kamene makina amasiya kumayambiriro ndi kumapeto kwa chidutswa chilichonse. Mukapanda kutero, 0.6 wanu amaphatikizana ndi kachete kosayezekako ndipo mipata imatuluka ina yaitali ina yaifupi popanda chifukwa.

Pamene pamafunika khutu la munthu wodziwa Chichewa ndi pa mpatuliro. Mayesero amabwera akuti mungodula paliponse pamene pali mpatuliro, poti kompyuta ingachite zimenezo yokha. Musatero. Mu Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika tikafika pothera gulu la mawu, ndipo pothera chiganizo mawu amatsika. Makina amatenga chidutswa chilichonse ngati chiganizo chathunthu, ndiye amachikoka ndi kuchitsitsa kumapeto. Mukadula kanayi m'chiganizo chimodzi, womvera amamva nkhani ikutha kanayi.

Tengani chiganizo ichi: "Mlimi anagulitsa matumba 12 a chimanga pa K30,000 thumba limodzi, koma atachotsa ndalama ya feteleza, ya aganyu ndi ya ngolo, anapeza kuti phindu linali lochepa." Choyamba manambala alembedwe monga atchulidwira pakamwa. Matumba 12 akhale "matumba khumi ndi awiri", pomwe K30,000 ikhale "sate sauzande kwacha", chifukwa ndi mmene anthu amanenera pamsika, ndipo K amene amalembedwa kutsogolo amatchulidwa kumapeto. Kenako onani mipatuliro itatuyo. Woyamba, pambuyo pa "limodzi", ndi podula penipeni, chifukwa ganizo loyamba latha ndipo "koma" akutembenuza nkhani. Ikani masekondi 0.3. Wachiwiri, pambuyo pa "feteleza", uli pakati pa mndandanda wa zinthu zitatu, ndipo mukadula pamenepo "ya aganyu ndi ya ngolo" amatsala ali okha ngati mwana wosochera. Usiyeni. Wachitatu, pambuyo pa "ngolo", ndi wovutirapo. Munthu akanapuma pang'ono mawu ali m'mwamba posonyeza kuti zikubwera, koma makina odulidwa pamenepo amatsitsa mawu ngati amaliza. Yesani njira ziwiri zonse, ndipo ngati zonse sizikukoma, lembaninso: "Kenako anachotsa ndalama ya feteleza, ya aganyu ndi ya ngolo. Phindu linatsala lochepa." Ine ndimaona kuti kulembanso kumapambana kawirikawiri, chifukwa chiganizo cholembedwera maso sichikhala nthawi zonse choyenera khutu.

Liwiro limasinthidwa ndi `model.speaking_rate`. Pa 1.0 ndi liwiro lake lachibadwa, 0.9 amachedwetsa pang'ono. Mukatsitsa kwambiri, malembo a liwu amakokeka ngati munthu wa tulo, pomwe mipata yanu yosokerera ija sisintha. Ngati nkhani ikumveka yothamanga, yambani mwatalikitsa bata musanakhudze liwiro.

Pali chinanso chimene chimasokoneza poyesa. Mawu amenewa amasankha kutalika kwa malembo mwamaere pang'ono, moti chiganizo chomwecho chimatuluka mosiyana nthawi iliyonse. Lembani `set_seed(555)` musanawerengetse chidutswa kuti zotuluka zisamasinthesinthe, mukatero mudzadziwa kuti kusintha kumene mwamva kwachokera pa zimene mwakonza inu. Chiganizo chimodzi chikakanika, sinthani nambalayo pa chiganizo chokhacho, muyese zitatu kapena zinayi n'kusunga yabwino.

Ngati nkhani yanu ndi ya Chingerezi ndipo mukugwiritsa ntchito Amazon Polly, Google Cloud kapena Azure, simufunika kusoka bata pamanja. Mapulogalamu amenewa amamva SSML, zizindikiro zouza makina kawerengedwe, ndiye mumaika nkhani yanu pakati pa `<speak>` ndi `</speak>` n'kulemba `<break time="300ms"/>` pamene mukufuna kupuma. Iwo amapuma kale pa mpumiro ndi pothera ndime, choncho chizindikirochi muchisungire malo amene zizindikiro za m'kalembedwe zalephera.

Mukamaliza kulumikiza, mverani fayilo yonse pa sipika ya foni mutatseka zolembazo. Maso akakhala pa pepala amadzaza okha mipata imene khutu silinamve. Paliponse pamene mwafuna kubwereza kuti mumvetse, lembani mphindi ndi sekondi yake, mubwerere ku chidutswacho muone ngati pasowa bata kapena mwadula pamene ganizo linali lisanathe.