Mazira pa ngongole, ndi mmene timadziwira kuti ndalama yalowa ku banki ndi ya ndani

Bizinesi yathu ndi ya mazira, ine ndi mai a kunyumba, tili ku Zomba. Tinayamba ndi kugulitsa thireyi imodzi imodzi kwa a maokala, kashi pompopompo, nthawi imeneyo kunalibe zowerengera zambiri, madzulo umangowerenga zili mchikwama basi. Zinasintha titayamba kupereka ku maloji, ku masukulu a bodingi ndi ku mashopu akuluakulu, chifukwa amenewa salipira pa geti ayi, umasiya katundu, asayina delivale noti, iwe ulemba invoisi nkumadikira masiku 14 kapena 30. Ndiye ndalama zimalowa ku akaunti pa nthawi yawo, mmene afunira eni ake, ndipo sikawirikawiri kuti ndalama yalowayo ifanane ndi imene ili pa invoisi. Ntchito imene ikugwira bizinesi yathu pano si ya mkhola mokha, ndi ya Lachisanu madzulo, pomwe timatenga sitetimenti ya ku banki ndi mndandanda wa mainvoisi osalipidwa nkumalumikiza chimodzi chimodzi.

Tisanayambe timachotsa kaye pa sitetimenti zonse zomwe si za makasitomala, monga ndalama zomwe tasamutsa tokha kuchoka pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi zomwe banki yadula. Zotsalazo ndiye timaziyang'ana. Zina sizivuta, munthu walemba nambala ya invoisi pa refurensi, ndalama ndi yomweyo, timatseka. Koma zovuta ndi zimene ndikufuna ndifotokoze bwinobwino, nditenge loji ina imene timaipatsa mazira sabata ndi sabata.

Loji imeneyi inali ndi mainvoisi atatu otseguka, 0412 ya K480,000, 0431 ya K350,000, ndi 0447 ya K520,000, zonse pamodzi K1,350,000. Pa sitetimenti panabwera K805,100, refurensi yake dzina la loji basi. Ndalama imeneyi sikufanana ndi invoisi iliyonse, ndipo ukaphatikiza awiri awiri sikufanananso. Apa munthu wofulumira amangoti chabwino alipirako, nkuchotsa pa ngongole yonse kuti atsala ndi K544,900, koma ndalama yokhala ndi ka 100 kumapeto choncho si ya munthu wolipirako pang'ono, wolipirako amatumiza ndalama yozungulira, 200 sauzande, 300 sauzande. Ndalama ya nyenyeswa imatanthauza kuti wina wakhala ndi kakyuleta, wawerengera chinachake nkudula.

Chimene amadula kawirikawiri ndi msonkho uja amachotseratu polipira, pa mapepala amalemba WHT, umene pa katundu ngati wathuyu ndi 3 peresenti, ndipo wogulayo ndi amene amakapereka ku MRA mdzina lathu. Ndiye timatenga ndalama yalowayo nkugawa ndi 0.97. K805,100 kugawa ndi 0.97 ikutuluka K830,000 ndendende, ndipo K830,000 ndi 0412 kuphatikiza 0431. Ndiye kuti alipira mainvoisi awiri athunthu, adula K24,900 ya msonkho. Polemba timagawa choncho, pa 0412 ndalama K465,600 ndi msonkho K14,400, pa 0431 ndalama K339,500 ndi msonkho K10,500. Onse awiri atsekedwa. Koma K24,900 ija sitiitaya, imapita pa tsamba lake la msonkho wodulidwa ndipo imakhala pamenepo ndi chizindikiro chofiira mpaka a akaunti a ku lojiko atatipatsa satifiketi yake, chifukwa satifiketi imeneyo ndi imene imachepetsa msonkho wathu pakutha pa chaka, ndipo popanda iyo ndalamayo yangopita. Ine ndimaifunsa sabata yomweyo, ukadikira miyezi isanu ndi umodzi umapeza amene anakulipira uja anasiya ntchito ndipo watsopanoyo sakudziwa kanthu.

Patapita masabata awiri loji yomweyo inatumiza K300,000 yozungulira. Iyi ndiye kulipirako kwenikweni, ndipo invoisi yotseguka inali imodzi yokha, 0447, ndiye tinaiika pamenepo nkutsala K220,000. Apa pali chinthu chimene ndimachiumirira kwambiri, invoisi yolipidwa theka sitiitseka nkulemba ina yatsopano ya ndalama yotsalayo. Imakhala yomweyo, nambala yomweyo, tsiku lomwe lija katundu anapita. Ukalemba yatsopano ngongole ya masiku 50 imaoneka ngati ya dzulo, ndipo pa mndandanda wa amene achedwetsa simuiona, komanso kasitomala ku mabuku ake ali ndi 0447, iwe ukumutumizira nambala ina, mukangana pa zinthu zoti nonse mukugwirizana.

Kenako inabwera yomaliza, K204,400. Balansi inali K220,000, ndiye kusiyana K15,600. Ukayesa 3 peresenti ya K220,000 ikupatsa K6,600, sizikugwirizana, ndipo apa ndi pomwe munthu angaganize kuti amubera K9,000. Koma 3 peresenti ya invoisi yonse, K520,000, ndi K15,600 ndendende. Pa K300,000 yoyamba ija sanadule kalikonse, anadzadula msonkho wonse pa malipiro omaliza. Ena amadula pa chigawo chilichonse, ena koyambirira, ndiye invoisi ikalipidwa mzigawo timayesa msonkho pa ndalama yonse ya invoisi, osati pa balansi yokha.

Kuperewera kwina si msonkho, si ngongole. Shopu ina inali ndi invoisi ya K96,000 ya mathireyi 8, inalipira K84,000. Kugawa ndi 0.97 sikupereka chanzeru, koma K12,000 yoperewerayo ndi mtengo wa thireyi imodzi, ndipo titatsegula faelo ya madelivale noti tinapeza wolandira katundu analemba ndi cholembera kuti thireyi imodzi yafika yosweka. Pamenepo palibe chokalonjerera, timalemba kirediti noti, pepala lochotsera ndalama pa invoisi, ya K12,000 yokhala ndi nambala yake, kasitomala timamupatsa kope, invoisi nkutsekedwa. Mukaisiya K12,000 imeneyo pa mndandanda imangokhala miyezi ndi miyezi, ndipo tizidutswa totere tikachuluka mndandanda wa ngongole umaonetsa ndalama zomwe simudzazilandira. Ndiye kwa ife ndalama ikaperewera mafunso ake ndi omwewo, kodi ndi peresenti ya msonkho, kodi ndi mtengo wa mathireyi angapo, kapena munthuyo wangolipirako. Iliyonse ili ndi pepala lake, ndipo sitifafaniza kusiyana kulikonse popanda pepala.

Nanga kasitomala ali ndi mainvoisi anayi, watumiza K400,000 yozungulira osanena kuti ndi ya iti? Choyamba timafunsa, meseji imodzi pa WhatsApp. Akanena, timatsata zomwe wanena ngakhale atadumpha yakale. Akapanda kuyankha timayamba ndi yakale kwambiri kumatsika, yoyamba ikadzaza yotsalayo ipite pa yachiwiri, ndipo timamutumizira mmene tagawira kuti mabuku athu ndi ake aziyenda limodzi. Pokhapokha ngati invoisi yakaleyo ili pa mkangano, mwina akuti katundu sanafike yense, imeneyo timailumpha, chifukwa ukaikapo ndalama umakwirira nkhani imene sinathe ndipo iye kwake akuona kuti walipira ina.

Imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndalama yofanana ndendende. Ife makasitomala ambiri amatenga mathireyi 20, ndiye mainvoisi a K240,000 amakhala angapo nthawi imodzi. Tsiku lina inalowa K240,000, dipoziti ya kashi pa kauntala, dzina lake la munthu amene sitikumudziwa, ndipo a K240,000 otseguka analipo awiri, sukulu ndi resitilanti. Kufanana kwa ndalama si umboni. Ukaiika pa sukulu pomwe ndi ya resitilanti, mawa uimbira foni munthu amene analipira kale kumukumbutsa ngongole, akhumudwa, pomwe amene sanalipire wangokhala phee buku likuti walipira. Ndalama zotere zili ndi tsamba lake, timalitcha zopanda mwini, zimakhala pamenepo ndi tsiku ndi refurensi ya ku banki mpaka wina atatumiza silipi. K240,000 ija inapezeka kuti ndi ya resitilanti, anatuma dalaivala wawo ku banki ndiye analemba dzina lake. Tsopano tili ndi kamndandanda ka maina a madalaivala, akazi a eni mashopu ndi manambala a foni omwe amalipirira kasitomala aliyense, kamatithandiza kwambiri makamaka kwa omwe amatumiza kuchoka pa foni kupita ku akaunti, poti nthawi zina pamangooneka nambala.

Ndipo chithunzi cha pa foni choti ndatumiza sichitseka invoisi kwathu kuno, chimangotithandiza kusaka. Imatseka ndi mzere wa pa sitetimenti. Cheke nachonso timadikira chikhwime kaye, chifukwa chikabwerera ndalama imatulukanso mu akaunti ndipo invoisi iyenera kutsegulidwanso pa tsiku lake lakale.

Zonsezi timachitira mu Excel, palibe pulogalamu yodula. Tsamba limodzi ndi la mainvoisi, nambala mu A, kasitomala mu B, ndalama mu C. Lina ndi la malipiro, ndipo lamulo lake ndi loti mzere umodzi ndi wa invoisi imodzi, ndiye K805,100 ija inatenga mizere iwiri ya ndalama ndi iwiri ya msonkho, yonse ndi refurensi imodzi ya ku banki. Mu C timalemba nambala ya invoisi, mu D mtundu wake, kaya ndalama, msonkho kapena kirediti noti, mu E kuchuluka kwake. Balansi imadziwerengera yokha:

```
=C2-SUMIF(malipiro!C:C,A2,malipiro!E:E)
```

Ikatuluka ndi mainasi ndiye kuti pa invoisiyo paikidwa zambiri, mwina dipoziti imodzi yalembedwa kawiri kapena kasitomala walipira mopyola, ndipo zopyolazo timazichotsa pamenepo nkuzisunga pa dzina lake kudikira invoisi yotsatira. Tisanatseke laputopu timaphatikiza mizere ya mtundu wa ndalama yokha ya sabata imeneyo, osaphatikiza msonkho ndi makirediti noti chifukwa zimenezo sizinadutse ku banki, tiwonjezerepo zopanda mwini ndi zolipira mopyola, ndipo zikuyenera kufanana ndi ndalama zonse za makasitomala pa sitetimenti mpaka pa kwacha. Zikasiyana timayamba taona ngati kusiyanako kukufanana ndi dipoziti ina yake yomwe tailumpha, ndipo ngati kukugawika ndi 9 nthawi zambiri ndi manambala otembenuzidwa polemba, monga 465,600 kulemba 456,600.

Pa 1 mwezi uliwonse kasitomala aliyense wa pa ngongole amalandira pepala lake loonetsa invoisi iliyonse, zomwe walipirapo, msonkho umene anadula ndi zotsala. Pansi pa invoisi iliyonse yatsopano tinawonjezera mzere wa zilembo zazikulu wopempha kuti polipira alembe nambala ya invoisi pa refurensi, ndipo akalipira angapo nthawi imodzi atitumizire mndandanda wake. Masukulu ndi maloji ambiri anayamba kutero, a mashopu ang'onoang'ono ndiye timawaimbirabe foni Loweruka mmawa.