Lachiwiri: moni wautali, moni waulemu ndi yankho loyamba

Lero ndinapatsidwa ntchito yokhala pambali pa mtsikana amene wangoyamba kumene kuyankha makalata a pa imelo mu ofesi yathu, ndipo m'mawa momwemo munalowa makalata awiri ochokera kwa anthu amene sitinalemberanepo nawo. Onse awiri ankafuna kudziwa tsiku lomaliza kulandira mapepala a msonkhano umene tikukonza, koma kafunsidwe kawo kanasiyana kutalitali.

Kalata yoyamba inachokera kwa bambo ena a ku Senegal. Iwo anayamba ndi kutifunira mtendere, kenaka anafunsa za moyo wathu, za mabanja athu ndi za mmene ntchito ikuyendera, anathokoza Mulungu kuti kwawo kuli bwino, ndipo funso lenileni linabwera m'ndime yachitatu. Pansi analemba dzina lawo loyamba lokha. Yachiwiri inachokera kwa mayi ena a ku Germany, ndipo inali ndi mzere umodzi wa moni umene amalembera anthu osawadziwa, chiganizo chimodzi cha funso, kenaka mayina awo onse pamodzi ndi udindo wa udokotala.

Mnzangayo anakonza mayankho awiri nandionetsa asanatumize. Kwa bamboyo analemba tsiku lokha, chifukwa anaona ngati zina zonsezo kunali kuzungulira chabe. Kwa mayiyo analemba motentha, kuwatchula dzina loyamba ndi kufunsa za banja lawo. "Achimwene, mayiwa akuoneka okwiya, ndiye ndati ndiwafewetse mtima," anatero.

Ndinamupempha kuti tiyang'ane zinthu ziwiri pazokha m'kalata iliyonse, kutalika kwa moni ndi mtunda umene wolembayo waika pakati pa iye ndi ife. Ambiri amaziphatikiza, poganiza kuti moni wautali ndiye waulemu ndipo waufupi ndi wamwano, koma makalata a lerowa akutsutsa zimenezo. Bamboyo anatalikitsa moni nasendera pafupi, pomwe mayiyo anaufupikitsa naima patali mwaulemu. Munthu akawerenga chimodzi chokha mwa ziwirizi amalakwitsa chinzake.

Kwa anthu a mtundu wa Wolof, umene ndi waukulu kwambiri ku Senegal, malonje ndi mndandanda wa mafunso okhala ndi mayankho odziwika kale. Wina akafunsa za anthu a kunyumba amauzidwa kuti alipo, akafunsa za mtendere amauzidwa kuti ndi mtendere wokhawokha, ngakhale kunyumbako kuli matenda, pakuti nkhani yeniyeni imadikira malonje athe. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Judith Irvine, analemba mu 1974 kuti pa malonje amenewa wodzichepetsa ndiye amayamba ndi kufunsa mafunso ambiri, ndipo wamkulu amangoyankha mwachidule. Apa ndi pamene pali ngozi ya yankho loyamba la mnzanga. Kubweza tsiku lokha kwa munthu amene wafunsa za moyo wanu ndi wa banja lanu kukhoza kumveka ngati mwadzikhazika pa mpando wa bwana amene amalandira ulemu osaubweza. Komanso anthu ambiri a ku Senegal ndi Asilamu, ndipo Korani, pa sura 4 ndime 86, imalamula kuti wopatsidwa moni abweze woposa umene walandira kapena wofanana nawo. Munthu woleredwa motero amazindikira msanga moni wake ukabwerera woperewera.

Tinalilembanso yankho lija. Chiganizo choyamba chinabweza mtendere, chachiwiri chinayankha funso lawo kuti tonse tili bwino, chachitatu chinafunsa za iwo ndi banja lawo, ndipo tsiku la mapepala tinaliika m'ndime yakeyake kuti lisasowe. Sitinatalikitse kufika pa ndime ziwiri monga iwo, chifukwa chofunika si kuwerenga mizere. Chofunika n'chakuti funso lililonse la moni liyankhidwe ndipo limodzi libwerere kwa mwini wake. Ndinamuchenjezanso kuti asalowetsemo nkhani zenizeni za kutopa kapena kuchuluka kwa ntchito, popeza mafunso oterewa sakufuna lipoti.

Kalata ya mayi a ku Germany inafuna zosiyana. Chijeremani chili ndi njira ziwiri zoitanira munthu, yaulemu ndi yachizolowezi, ndipo kuchoka pa yaulemu kupita pa yachizolowezi kumachita kuperekedwa, kawirikawiri ndi wamkulu pa zaka kapena pa udindo. Mlendo sadzitengera yekha ufulu umenewu. Mayiwa analemba m'Chingerezi, koma mwambo wakwawo unaonekera pa kasainidwe kawo, pakuti munthu amene walemba mayina onse ndi udindo wakuuzani kale mmene mungamuitanire. Kufunsa za banja la munthu amene sanalitchule, pa kalata ya ntchito, kwa iye kungakhale kulowerera za m'nyumba mwake. Tsono yankho lathu linawatchula udindo ndi dzina la bambo awo, linathokoza ndi chiganizo chimodzi, linapereka tsikulo, ndi kutseka mwaulemu. Mnzangayo anati likuoneka louma. Ine ndimaona kuti kusamutayira nthawi munthu wotere ndiwo ulemu umene iye amaumva, ndipo ndimakhumudwa ndikamva anthu akutcha wolemba wachidule wonyada asanafufuze kumene chidulecho chachokera.

Chimene chimalemetsa yankho loyamba n'chakuti limakhazikitsa muyeso wa makalata onse otsatira, ndipo zolakwa zake sizikonzeka mofanana. Mukayamba ndi ulemu wopitirira pang'ono, mnzanuyo amakumasulani ndi mawu ochepa, kuti mundiitane dzina langa basi, nkhani n'kutha. Mukayamba ndi chizolowezi chimene simunapatsidwe, palibe njira yabwino yobwerera, chifukwa kuyamba kutchula udindo pa kalata yachitatu kumaoneka ngati mwakwiya. Nchifukwa chake pamene pali chikaiko ndimakwera pang'ono pa ulemu, koma pa kutalika ndimatsata mwini kalata.

Masana onse awiri anayankha, ndipo tinawerenga mayankhowo pofuna kuona ngati tinalasa. Bamboyo anabwerezanso malonje, koma afupiko, nawonjezera funso lina limene poyamba sanafunse, chomwe ndi chizindikiro chakuti amasuka. Mayiyo anathokoza ndi mzere umodzi nasainanso mayina onse, kutanthauza kuti mtunda ukhale momwemo. Ndinamuuza mnzangayo kuti zizindikiro za kuphonya nazo zimaoneka pa kalata yachiwiri. Wa malonje aatali amawadula mwadzidzidzi n'kungolemba mfundo, kapena amabwereza funso la moni limene simunayankhe, pomwe waulemu wapatali amalembanso udindo wake mokwanira pambuyo poti inu mwausiya.

Titatsala pang'ono kuweruka munalowa kalata yachitatu, yochokera ku Sweden, yokhala ndi liwu limodzi la moni ndi dzina loyamba. Kumeneko kuitanana ndi maudindo kunayamba kusiyidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo chimakumbukiridwa kwambiri ndi chaka cha 1967, pamene Bror Rexed, atakhala mkulu wa bungwe la boma loona za umoyo, anauza antchito ake kuti aziitanana mwachizolowezi. Mnzangayo anafuna kulemba kandandanda ka mayiko ndi moni wake kuti azingoyang'anapo, koma ndinamuletsa, chifukwa mnyamata wa ku Dakar, likulu la Senegal, wogwira ntchito ku kampani ya makompyuta akhoza kulemba mwachidule kuposa Mjeremani, ndipo umboni woyamba ndi kalata imene ili pamaso pathu. Ya ku Swedenyo anaiyankha yekha ndi dzina loyamba ndi mizere itatu, ndipo mawa ayamba ndi makalata a ku Japan, amene nthawi zambiri amatsegula ndi kuthokoza chifukwa cha ubale wa pa ntchito asanatchule chimene akufuna.