Selo yosachita thukuta koma ikuyenda

Lero kuno ku Zomba ndafotokozera ophunzira anga mmene selo imakwawira popanda miyendo. Mkati mwake muli timaulusi ta puloteni yotchedwa akitini. Tizidutswa tatsopano ta akitini, tokhala ndi ATP yomwe imapereka mphamvu mu selo, timalumikizidwa kunsonga yoyang'ana kutsogolo, pomwe takale timayoyoka kumbuyo n'kukagwiritsidwanso ntchito kutsogolo kuja. Kaulusi sikatalika, komabe nsonga yake imakankha khungu la selo. Apa mpamene pamandisangalatsa kwambiri!

Mukathira mankhwala a saitokalasini D, amatseka nsonga yomerayo. Mankhwala ena, a latirunkulini, amagwira tizidutswa tisanalumikizidwe, ndiye timaulusi timangoyoyoka mpaka kutha. Pa maikulosikopu mudzaona mphepete mwa selo mwasiya kugwedezeka, selo yaima. Mankhwala a faloidini nawo, akalowetsedwa mkati mwa selo, amaiimitsa, koma poletsa kuyoyoka.