Masekondi anayi anandidyera tonde

Tonde wanga anapita chifukwa cha pakamwa panga pomwe, ndipo mpaka lero mayi akunyumba akamva mbuzi ya eni ikulira amangondiyang'ana.

Unali mwezi wa Okutobala kwathu kufupi ndi Ngabu, dzuwa lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mjigo wa m'mudzi unali utawonongeka, ndiye a Nyakwawa anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa nimu. Popeza misonkhano yathu imathera phokoso, anandipempha ine, mphunzitsi wopuma, kuti nditsegule ndi mawu ochepa: n'chifukwa chiyani pakangoti zii munthu amayabwidwa pakamwa?

Musandione chonchi, nkhaniyi ndimaidziwa. Ndinawauza kuti mu 2009 akatswiri anaunika macheza a anthu m'zinenero 10, n'kupeza kuti funso likatha, yankho limabwera theka la sekondi lisanakwane. Chonsecho kuti mutu upeze liwu limodzi n'kulifikitsa pakamwa pamafunika nthawi yoposa theka la sekondi lomwelo. Ndiye kuti mnzako akali mkati molankhula, iwe yankho wateleka kale pamoto. Khutu nalo linazolowera kuti "inde" amathamanga, "ayi" amabwera akukoka miyendo. Ukabwereka njinga, mwini wake n'kuyamba wakhala chete, umadziwiratu kuti umva zoti tayala laphwa. N'chifukwa chake mnzako akakhala duu, mtima umati wakanidwa, pakamwa n'kuthamangira kukakonza zinthu zomwe mwina sizinawonongeke n'komwe. Ku Netherlands, mu 2011, anapeza kuti masekondi 4 okha a zii pakati pa macheza ndi okwanira kuti munthu adzimve wosafunidwa.

Ndinaperekanso chitsanzo cha ogula mbuzi pamsika. Iwe watchula mtengo, iye osayankha, akungosuzumira mano a mbuziyo. Usanadziwe watsitsa wekha kawiri, munthu asananene ndi liwu limodzi lomwe. Apa anthu anaseka, ena akulozana. Mutu unakula. Ndikanakhala pansi pomwepo, bwenzi tonde ali m'khola.

"Tiyese pompano," ndinatero, "muone kuti munthu wodziwa sanjenjemera ndi zii." Ndinatembenukira kumpando. "Amfumu, ine pa mjigowu ndisonkha K2,000. Yakwana kodi?"

Zii.

A Nyakwawa anali atatsamira ndodo, maso ali pansi. Ndinayamba kuwerenga chamumtima. Imodzi: bwinobwino. Ziwiri: thukuta linatsika mumsana n'kulowa m'lamba. Zitatu: ndinakumbukira kuti tsiku loumba njerwa za sukulu ndinanamizira malungo, ndipo amfumu anandiona madzulo ake ndikusewera bawo. Kodi akuganiza zimenezo? Zinayi sindinazifike.

"Kapena tinene K5,000."

Zii. Penapake mwana anali kuyamwa dambe, ndipo ndinkamva kutsopa kulikonse. Mlembi wa komiti ya mjigo ananyowetsa chala n'kutsegula tsamba latsopano.

"Ndi ndowa ya mapira ya amisiri," pakamwa panatero, ine ndisanafunsidwe. Ndinaponya maso kumkeka wa amayi. Akazi anga anali atasiya kudzikupiza ndi mpango.

Amfumu anakweza mutu pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana. Osakwiya, osaseka. Kumeneko ndiye kunandimaliza.

"Ndi tonde uja wamawanga!"

Nthungululu zinalira mpaka mbalame zinathawa mumtengo. Apo m'pamene a Nyakwawa anakhosomola. "Aphunzitsi, mwamaliza?"

"Ndamaliza, amfumu."

"Ine ndimadikira mumalize. Mfumu siidula munthu mawu, imayankha pomaliza. Ndikati nditsegule pakamwa, inu mwawonjezera. K2,000 ija inali yokwana, ndi imene tagwirizana khomo lililonse."

Zimene ndinaiwala kuphunzitsa ndi zimene ndakhala ndikuziona chibadwire: pabwalo kukhala chete kwa wamkulu si kukana ayi, ndi ulemu, ndi kusinkhasinkha. Masekondi anga aja ndi a macheza a anthu ofanana, pamsika kapena padambwe la bawo. Ndinayesa kunena kuti chinali chitsanzo chabe. Mlembi anandionetsa kope, zonse zinayi zili mumzere, n'kufunsa ngati tonde akamutenge lero kapena mawa. Agogo ena anandigwira dzanja akuti phunziro lotere sanalionepo, ndidzabwerenso pa msonkhano wa mlatho.

Panjira yobwerera akazi anga sanalankhule. Kunyumba anandiikira madzi osamba, osalankhula. Anabweretsa nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, n'kukhala pamkeka, manja pamiyendo. Ndinadziuza kuti ulendo uno ndilimba, nzeru zake ndikuzidziwa.

Ndinafika zitatu.

"Amayi, ndalama za thonje zija sizinathe zonse ayi. Zina zili m'thumba la jekete."

"Jekete iti?" anatero.