Kalata yopempha udindo wa supavaiza

Sabata ino ndawerenga makalata a anzathu atatu ogwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kuno ku Lusaka, amene akupempha kukwezedwa kukhala supavaiza, ndipo onse atatu anayamba ndi kufotokoza dzina, sukulu ndi chaka chimene analowa ntchito. Bwana amene mwagwira nawo ntchito kwa zaka zingapo amazidziwa kale zimenezi, choncho ndime yoyamba ingotchula udindo umene mukuufuna, tsiku limene unalengezedwa, ndi udindo umene muli nawo tsopano.

Chimene bwanayo sanachione bwino ndi mmene mumatsogolera anthu, chifukwa kufikira lero akhala akukuyamikirani pa ntchito ya manja anu okha. Mmodzi mwa atatuwo analemba kuti ndi wolimbikira ndiponso wokhulupirika, koma titacheza zinadziwika kuti supavaiza wawo ali patchuthi, iyeyu ndiye anagawa mashifiti, anaphunzitsa antchito atsopano kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, ndiponso anathetsa mkangano wa ovataimu usanafike ku ofesi. Zimenezi ndizo zoyenera kudzaza ndime yachiwiri, potchula mwezi umene zinachitika kuti bwanayo athe kutsimikizira m'mabuku.

Musadzudzule supavaiza amene akuchoka, ndipo musalembe za kukwera kwa lendi ku Matero ngati chifukwa chokukwezerani. Ngakhale mumaseka ndi bwanayo tsiku ndi tsiku, alembereni mwaulemu pa tsamba limodzi, popeza kalatayo idzawerengedwanso ndi a ofesi yoona za antchito, amene sakukudziwani.