Kanyali ka matayala kamene katidyera sabata

Sabata ino ku garaja kwathu ku Biwi ntchito inali ya masiku onse: kusintha oyilo, mabuleki awiri, ndi magetsi kuzimazima kompuresa ili pakati. Koma Lachinayi landikwiyitsa.

Toyota ya bungwe lina inabwera kachitatu chifukwa kanyali ka mpweya wa matayala sikamazima. Lolemba tinasinthanitsa matayala, akutsogolo kupita kumbuyo. Dalaivala atabwerera, anyamata anangopopa mpaka 3.0 bar, pomwe kapepala ka pachitseko cha dalaivala kakunena 2.3. Palibe amene anafunsa kuti kanyaliko kakuyaka bwanji.

Ndinafunsa dalaivalayo kuti, "Achimwene, mukaliza galimoto kamangoyaka, kapena kamayamba kaphethira?"

"Kamaphethira kaye, kenako n'kukhazikika."

Yankho lonse linali pamenepo. Kakangoyaka osaphethira, mpweya wachepa m'tayala lina, ndipo pa magalimoto ena ngakhale sipeya imakhala ndi sensa, kachipangizo koyeza mpweya n'kutumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto. Koma kakaphethira pafupifupi mphindi imodzi n'kukhazikika, kompyuta sikumva sensa ina. Ungapope tsiku lonse, sikazima.

Titachotsa tayala lakumbuyo kumanja tinapeza sensa itasweka, zidutswa zikugubuduka m'kati. Dalaivala anakumbukira kuti Lachiwiri anamatitsa panchala m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Sensa imakhala patsinde pa vavu, m'kati mwa limu, ndiye wolowetsa chitsulo pamenepo amaiphwanya osadziwa.

Vuto lina n'kuganiza kuti batani la SET limachiza zonse. Pa Toyota ntchito yake n'kuuza kompyuta mlingo wa mpweya woti iziyerekezera. Umapopa matayala ali ozizira, galimoto itaima maola 3, kutembenuza kiyi pa ON, n'kugwira batani mpaka kanyali kaphethire katatu. Ukalidina tayala lili lofooka, kompyuta imatenga kufookako ngati mlingo wabwino, ndipo imadzachedwa kuchenjeza. Sensa yatsopano batanili siliidziwa ayi. Nambala yake iyenera kulowetsedwa ndi makina kudzera pa OBD2, soketi yolumikizira makina ku kompyuta ya galimoto, ndipo sensayo igwirizane ndi galimoto, chifukwa zina zimatumiza uthenga pa 315 MHz, zina pa 433 MHz.

Magalimoto opanda sensa m'tayala, amene amawerengera liwiro la mawilo kudzera pa ABS, dongosolo loletsa mawilo kumangika pogwira mabuleki, ndi amene amafuna SET nthawi zonse ukasinthanitsa matayala, kenako kuyendetsa kuti aphunzire.

Chondiwawa n'chakuti makina owerengera masensa tinawapempha kalekale, mabwana amangoti mwezi wamawa. Akanakhalapo, tikanazungulira galimotoyo mphindi 5 n'kudziwa tayala losayankha. M'malo mwake tamasula matayala atatu, n'kukabwereka makina ku garaja ina ku Kanengo. Geji ya pa kompuresa nayo imawerenga mopitirira ndi 0.2 bar, moti ndauza anyamata aziyezanso ndi kageji kam'manja. Lachisanu galimotoyo inatuluka kanyali katazima, ndipo pakhadi ndalembapo nambala za masensa onse.